Kodi ndifunse anthu angati? Komwe kumachokera nambala ya 384

"Ndili chaka chomaliza pa koleji ina yomwe ili ndi ophunzira 2,400. Kafukufuku wanga ndi wofuna kudziwa kuti pa ophunzira 100 aliwonse, ndi angati ali ndi kompyuta yawoyawo. Anzanga onse analemba kuti afunsa anthu 384, inenso ndinalemba chimodzimodzi. Koma aphunzitsi amene akundiyang'anira andibwezera pepala atalemba m'mbali kuti, 'Nambala iyi mwaitenga kuti?' Ndasowa chonena. Chonde ndithandizeni, ndiwerengetse bwanji?"

Mtima m'malo, mphwanga. Nambala imene munalembayo si yabodza, ndipo simunasochere kutali. Vuto lake ndi lakuti munaibwereka osadziwa kuti mkati mwake muli zosankha zitatu zimene wina anakusankhirani. Aphunzitsi anuwo akufuna kuti zosankhazo muzipange nokha ndi kuzilemba poyera. Ine ndakhala zaka zambiri ndikuwerenga mapepala a ophunzira ngati lanuli, ndipo funso lomwelo ndalilembapo m'mbali mwa mapepala ambiri. Amene wamvetsa zinthu zitatuzo sachitanso nalo mantha.

Choyamba ndi malire a kuphonya, omwe m'mabuku amawalemba ndi chilembo cha e. Popeza simufunsa ophunzira onse 2,400, yankho limene mupeze silidzafanana ndendende ndi zenizeni. Mukhoza kupeza 38 peresenti pamene zenizeni ndi 41. Ndiye muyenera kunena nokha kuti mukulolera kuphonya ndi zingati. Mukati e ndi 0.05, mukutanthauza kuti mukadzapeza 38 peresenti, mudzanena kuti zenizeni zili pakati pa 33 ndi 43. Zindikirani kuti 5 ameneyu ndi mapoyinti owonjezera kapena kuchotsa pa peresenti imene mwapeza. Si 5 peresenti ya 38 ayi. Ambiri amasokoneza pamenepa.

Chachiwiri ndi mlingo wa chikhulupiriro. Ngakhale mutaika malire amenewo, mwayi ukhoza kukutsutsani: mwangozi mukhoza kusankha gulu lomwe muli eni makompyuta ochuluka kuposa mmene zilili pa koleji yonse. Tikati 95 peresenti, tanthauzo lake ndi ili. Mutabwereza kafukufuku yemweyo ka 100, nthawi iliyonse n'kusankha anthu atsopano mwamaere, pafupifupi ka 95 malire amene mungapeze adzakhala atagwira nambala yeniyeni mkati mwake, ndipo pafupifupi ka 5 adzaiphonya. Inu muchita kamodzi kokha, ndipo simudzadziwa ngati ulendo wanuwo uli m'gulu la 95 kapena la 5. Chimene mukukhulupirira ndi njirayo. Mlingo uliwonse uli ndi nambala yake yotchedwa z: ya 90 peresenti ndi 1.645, ya 95 peresenti ndi 1.96, ya 99 peresenti ndi 2.576. Simufunika kuziloweza, chifukwa mu Excel mukhoza kupeza ya 95 peresenti polemba chonchi:

```
=NORM.S.INV(0.975)
```

Mwina mudabwa kuti bwanji 0.975 osati 0.95. Chifukwa chake n'chakuti 5 peresenti yotsalayo imagawidwa pawiri, theka kuphonyera m'mwamba, theka kuphonyera m'munsi.

Chachitatu ndi chimene chimazunguza mutu: p, ndiye kuti gawo la anthu amene mukuganiza kuti ali ndi chinthucho. Wophunzira aliyense amandifunsa kuti, "Ndikanalidziwa gawolo, kafukufuku ndikanachitiranji?" Funsolo n'lomveka. Koma fomula sikufuna yankho lenileni, ikungofuna kudziwa kuti anthu anu ndi osiyana maganizo kapena zochita motani. Ngati pafupifupi aliyense ali ndi kompyuta, anthu ochepa akhoza kukusonyezani zimenezo msanga. Ngati agawanika pakati, theka ali nayo theka alibe, sampulo iliyonse, ndiye kuti gulu la anthu amene mwasankha kuti muwafunse, imatuluka mosiyana kwambiri ndi inzake, ndipo pamafunika anthu ambiri kuti nambala ikhazikike. Tizionanso bwino pang'ono kutsogoloku. Fomula yake ndi iyi, momwe n0 ndi chiwerengero cha anthu ofunika kufunsa, ndipo mabuku ambiri amaitchula ndi dzina la Cochran:

```
n0 = z^2 * p * (1 - p) / e^2
```

Tiyeni tiikemo zimene anzanu aja anagwiritsa ntchito mosadziwa: z ndi 1.96, p ndi 0.5, e ndi 0.05. Tikachulukitsa 1.96 ndi 1.96 tipeza 3.8416. Tikachulukitsa 0.5 ndi 0.5 tipeza 0.25. Ziwirizi pamodzi zipereka 0.9604. Pansi, 0.05 kuchulukitsa ndi 0.05 ndi 0.0025. Tikagawa 0.9604 ndi 0.0025 tipeza 384.16.

```
n0 = 3.8416 * 0.25 / 0.0025 = 384.16
```

Si uyo 384 wanu uja. Koma ine ndimalemba 385, ndipo inunso muzitero. Pa masamu ena timatsitsa 384.16 kukhala 384, koma pano nambalayi ndi yochepetsetsa imene ingakwaniritse malire amene mwalonjeza, choncho kachidutswa kalikonse kotsala kamakwezedwa. Kusiyana kwa munthu mmodzi sikungawononge kafukufuku, komabe kumasonyeza kuti wolemba akudziwa chimene akuchita. Nambala ya 384 inafalanso kwambiri chifukwa cha tebulo limene Krejcie ndi Morgan anasindikiza mu 1970, lomwe limagwiritsa ntchito zosankha zitatu zomwezi: 95 peresenti, 0.05 ndi 0.5.

Tsopano tibwerere kwa p. Yesani nokha kuchulukitsa p ndi (1 - p) pa manambala angapo. Pa 0.5 mupeza 0.25. Pa 0.4 mupeza 0.24, pa 0.3 mupeza 0.21, pa 0.2 mupeza 0.16, pa 0.1 mupeza 0.09. Palibe p imene ingapose 0.25. N'chifukwa chake amene sadziwa chilichonse amatenga 0.5: akhoza kufunsa anthu ochulukirapo kuposa ofunikira, koma sangaperewere. Mutakhala ndi umboni wabwino wakuti gawolo lili cha m'ma 30 peresenti, mungafunike anthu 323. Litakhala cha m'ma 20 peresenti, 246. Onani kuti kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.4 kumangokuchotserani anthu 16 okha, kuchoka pa 385 kufika pa 369. Choncho ngati mukuganiza kuti yankho lili penapake pakati pa 30 ndi 70 peresenti, musadzivutitse kufufuza p, tengani 0.5 basi. Chimene ndimakana n'chakuti munthu atenge p yaing'ono kuchokera ku kafukufuku wa kwina, wa anthu osafanana ndi ake, pongofuna kuti ntchito ichepe. Akadzapeza kuti zenizeni zili pafupi ndi theka, malire ake adzatambasuka kuposa amene analonjeza, ndipo pa nthawiyo kubwerera kukafunsa ena kumakhala kovuta. Chimodzimodzi ngati munayesa mafunso anu pa anthu 20 kapena 30: gawo limene munapeza pamenepo ndi logwedezeka kwambiri, musalidalire lokha.

Pa zosankha zitatuzi, chimene ndikufuna muchiganizire mofatsa ndi e, chifukwa ndi chimene chimalamulira ntchito yonse. Mu fomula, e ili pansi ndipo yadzichulukitsa yokha. Zotsatira zake n'zakuti mukafuna kuchepetsa kuphonya ndi theka, anthu ofunsidwa sawirikiza kawiri koma kanayi. Pa mapoyinti 10 mufunika anthu 97. Pa mapoyinti 5, anthu 385. Pa mapoyinti 2.5, anthu 1,537. Pa mapoyinti 3, omwe ofufuza maganizo a anthu amawakonda, pafunika 1,068, ndipo n'chifukwa chake mumamva kawirikawiri kuti kafukufuku wa dziko lonse anafunsa anthu chikwi chimodzi ndi kakusefukira. Mlingo wa chikhulupiriro nawonso umasintha nambala, koma osati mwaukali chotere: pa e ya 0.05, kutsikira ku 90 peresenti kumapereka 271, kukwera ku 99 peresenti kumapereka 664.

Ndiye e musaisankhe chifukwa choti aliyense amalemba 0.05. Dzifunseni kuti yankho lanu lidzagwira ntchito yanji. Tiyerekeze kuti akuluakulu a koleji akufuna kudziwa ngati oposa theka la ophunzira ali ndi makompyuta asanayambe kupereka ntchito zina pa intaneti. Mukadzapeza 38 peresenti, malire a 33 mpaka 43 akuyankha funsolo bwinobwino, chifukwa onse ali pansi pa 50. Koma mukadzapeza 48 peresenti, malire a 43 mpaka 53 sakuyankha kanthu, poti 50 ili mkati. Ngati mukuona kuti yankho likhoza kugwera pafupi ndi mzere wopangira chiganizo, mufunika e yaing'ono. Ngati mukungofuna chithunzi cha mmene zinthu zilili, mapoyinti 5 ndi okwanira, ndipo mulembe chifukwa chimenecho m'pepala lanu. Chiganizo chimodzi chokha chofotokoza chifukwa chake chimakhutiritsa woyang'anira kuposa tsamba lonse la mafomula.

Mwina mwaona kale kuti mpaka pano nambala ya 2,400 sinalowe paliponse. Izi zimadabwitsa anthu ambiri, koma ndi zoona: gulu likakhala lalikulu kwambiri, kukula kwake sikusintha kanthu kwenikweni. Anthu 100,000 afunika 384, anthu mamiliyoni khumi afunika 385. Choncho malangizo amene mwina munamvapo akuti "funsani 10 peresenti ya anthu onse" alibe maziko. Pa gulu la anthu 300, ndiye kuti mufunsa 30 okha, ochepa kwambiri. Pa gulu la miliyoni, mufunsa 100,000, kuwononga mphamvu pachabe.

Koma gulu lanu si lalikulu chotero. Anthu 385 pa 2,400 ndi 16 peresenti, ndipo mukafunsa gawo lalikulu chonchi, otsala osadziwikawo amachepa, motero kuphonya kumachepanso. Kawirikawiri timati sampulo ikapitirira 5 peresenti ya gulu lonse, ndi bwino kukonza nambala ndi fomula yachiwiri iyi, momwe N ndi chiwerengero cha gulu lonse:

```
n = n0 / (1 + (n0 - 1) / N)
n = 385 / (1 + 384 / 2400) = 385 / 1.16 = 331.9
```

Tikakweza, tipeza 332. Mwapulumutsa mafomu 53 popanda kutaya chilichonse. Likanakhala gulu la anthu 300, fomula yomweyi ikanapereka 169, oposa theka la onse. Koma muigwiritse ntchito pokhapokha ngati zimene mudzanene zikukhudza ophunzira 2,400 amenewa basi. Mukafuna kuti zotsatira zanu ziimire ophunzira a m'makoleji onse, ndiye kuti gulu lanu si 2,400 ayi, ndipo kufunsa pa koleji imodzi sikungakwanire ngakhale mutafunsa onse.

Nambala ya 332 ndi ya anthu amene ayankha, osati amene mwawapatsa mafomu. Ena adzakana, ena simudzawapeza, ena adzabweza fomu osalemba pa funso lenilenilo. Tiyerekeze kuti mukuyembekezera kuti pa anthu 100 ayankha 80. Apa pali msampha umene ndimauona chaka ndi chaka: munthu amangowonjezera 20 peresenti pa 332 n'kupeza 399. Koma 80 peresenti ya 399 ndi 319, yomwe ndi yoperewera. Njira yolondola ndi kugawa:

```
332 / 0.80 = 415
```

Ndiye musankhe mayina 415. Komabe ndikuchenjezeni kuti kuwonjezera kumeneku kumangobweza chiwerengero, sikuchiza kukondera. Ngati osayankhawo ndi osiyana ndi oyankha, yankho lanu lipendekeka ndithu. Pa mutu wanuwu ngoziyi ndi yaikulu. Mukatumiza mafunso pa intaneti, amene ayankhe msanga ndi omwewo amene ali ndi makompyuta, ndipo amene alibe, omwe ndi theka lina la funso lanu, adzasowa. Gwiritsani ntchito pepala kapena kufunsa pamaso, ndipo amene simunawapeze ulendo woyamba muwalondolenso kachiwiri ndi kachitatu.

Apa ndafika pa chinthu chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndikamawerenga mapepala. Masamu onsewa amaima pa mwendo umodzi: kuti aliyense mwa 2,400 anali ndi mwayi wofanana wosankhidwa. Ndikukumbukira wophunzira wina wakhama, amene ankafufuza funso lofanana ndi lanuli. Anawerengetsa bwino kwambiri, fomula zonse zili m'malo mwake. Nditamufunsa kuti anthuwo anawapeza bwanji, anandiuza mosangalala kuti anakhala masiku atatu m'laibulale, pa matebulo a m'mbali mwa khoma, chifukwa m'pamene pamakhala anthu ambiri okhazikika osathamangira kwina. Ndinapita naye kukaona. M'mbali mwa khomamo ndi momwe munali masoketi a magetsi, ndipo pafupifupi aliyense wokhala pamenepo anali atalumikiza chaja. Anali atafunsa eni makompyuta ngati ali ndi makompyuta. Akanafunsa anthu 1,000 pamalo omwewo, akanangophonya molimba mtima kwambiri. Anayambiranso, ndipo misozi inalengeza m'maso mwake, koma kafukufuku wachiwiriyo anali woona.

Inu chitani chonchi. Pemphani mndandanda wa ophunzira onse ku ofesi yosunga mayina, muuike mu Excel, ndipo pafupi ndi dzina lililonse mulembe izi:

```
=RAND()
```

Manambala amene atulukewo muwakope n'kuwamata ngati manambala wamba kuti asamasinthesinthe, kenako musanje mndandanda wonse potsata manambalawo, n'kutenga mayina 415 oyambirira. Amenewo ndiwo anthu anu. Wina akakana, musamulowetse m'malo ndi mnzake amene wakhala naye pafupi, chifukwa za okana munaziwerengera kale.

Ndikudziwa kuti mudzayesedwa kuchita njira yachidule: kusankha makalasi angapo n'kufunsa onse amene ali momwemo. Njirayi ndi yololedwa, makamaka ngati makalasiwo asankhidwa mwamaere, koma ili ndi mtengo wake. Ophunzira a kalasi imodzi amafanana. M'kalasi ya zamakompyuta pafupifupi onse adzati inde, m'kalasi ina ambiri adzati ayi. Munthu wa 20 m'kalasi yomweyo sakukuuzani zatsopano zambiri ngati mmene akanachitira munthu wa kalasi ina. Kutayika kumeneku timakuwerengera ndi nambala yochulukitsira yotchedwa deff, momwe m ndi anthu ofunsidwa pa kalasi iliyonse, ndipo rho ndi muyeso wa kufanana kwa anthu a m'kalasi imodzi:

```
deff = 1 + (m - 1) * rho
```

Tingoyerekeza kuti rho ndi 0.05, yomwe ikuoneka yaing'ono, ndipo mukufunsa anthu 20 pa kalasi. Mupeza 1 kuphatikiza 19 kuchulukitsa ndi 0.05, yomwe ndi 1.95. Ndiye kuti 385 uja asanduka 751, musanakonze za kukula kwa gulu ndi za osayankha. Mukanyalanyaza izi n'kufunsa 385 okha m'makalasi otere, mphamvu yawo ikufanana ndi ya anthu 197 osankhidwa mmodzimmodzi, ndipo kuphonya kwanu kwenikweni ndi pafupifupi mapoyinti 7 pamene inu mwalemba 5. Popeza mndandanda wa mayina ulipo ndipo onse ali pamalo amodzi, ine ndikanakhala inu ndikanapewa njira imeneyi. Ngati simungachitire mwina, pamenepo m'pofunika kukhala pansi ndi katswiri wa masamu a kafukufuku musanayambe, chifukwa kusankha rho ndi kusanthula zotsatira zake kumafuna luso lina.

Pali malo enanso awiri pamene ndingakutumizeni kwa katswiri. Oyamba ndi pamene chinthu chimene mukufufuza n'chosowa. Tinene kuti mukuganiza kuti ndi 3 peresenti yokha imene ili nacho. Mukaika p ya 0.03 ndi e ya 0.05, fomula ikupatsani anthu 45, ndipo mukhoza kusangalala. Koma pa anthu 45 mukuyembekezera kupeza munthu mmodzi yekha, mwinanso osapeza aliyense, ndipo malire a 3 kuchotsa 5 akugwera pansi pa ziro, zomwe n'zosatheka. Chimenecho ndicho chizindikiro chakuti fomula yafika pothera mphamvu zake. Pamenepo e iyenera kuchepa kuposa p, mwachitsanzo theka lake, 0.015, ndipo anthu ofunika akwera kufika 497. Malire akenso amawerengedwa bwino ndi njira ya Wilson kapena ya Clopper ndi Pearson. Malo achiwiri ndi pamene cholinga chanu chenicheni n'kuyerekeza magulu, monga a chaka choyamba ndi a chaka chomaliza. Anthu 332 akukupatsani mapoyinti 5 pa koleji yonse, osati pa kagulu kalikonse. Ngati mwa iwo 83 ndi a chaka choyamba, kuphonya pa kagulu kameneko ndi pafupifupi mapoyinti 10. Kuyerekeza magulu awiri kuli ndi fomula yakeyake, ndipo iyi ya lero singalowe m'malo mwake.

Mukamaliza kufunsa, musangokopera "mapoyinti 5" kuchokera m'mutu wa njira zofufuzira. Werengetsaninso ndi zimene mwapezadi. Tinene kuti ayankha 332 ndipo 126 ali ndi kompyuta. Gawo lake ndi 0.38.

```
e = 1.96 * SQRT(0.38 * 0.62 / 332) * SQRT((2400 - 332) / 2399) = 0.048
```

Mudzalemba kuti 38 peresenti ya ophunzira ali ndi kompyuta yawoyawo, ndipo pa mlingo wa 95 peresenti, zenizeni zili pakati pa 33 ndi 43 peresenti. Kuphonya kwatsika pang'ono pansi pa 0.05 chifukwa 0.38 ili patali pang'ono ndi theka. Akadzayankha ochepa, tinene 250, ikani 250 yemweyo mu fomula ndipo munene malire otambasukawo mosabisa, pamodzi ndi chiwerengero cha amene sanayankhe.

Pa pepala limene mubweze kwa aphunzitsi anu, ndime yake ikhoza kuyenda motere: mwatenga mlingo wa 95 peresenti, choncho z ndi 1.96, mwalolera kuphonya ndi mapoyinti 5 chifukwa ndi okwanira pa chiganizo chimene zotsatira zidzathandize, mwatenga p ya 0.5 poti palibe kafukufuku wam'mbuyo wa ophunzira amenewa. Fomula yapereka 385. Mutakonza potengera ophunzira 2,400 yatsika kufika 332. Ndipo poyembekezera kuti 80 pa 100 ayankha, musankha mayina 415 mwamaere kuchokera pa mndandanda wa koleji. Musanapite nalo, kafunseni kaye ku ofesi ija ngati mndandandawo angakupatseni, ndiponso ngati 2,400 akuphatikiza amene anasiya sukulu kapena ali kunja pa maphunziro a ntchito, chifukwa N ikasintha, muyenera kubwerezanso masamu amene anapereka 332 ndi 415.